Kuyeza kakulidwe ka mwana wobadwa masiku osakwana: kadontho kaikidwe pati m'buku la sikelo?

Mayi wafika kusikelo ndi mwana wamkazi wa miyezi inayi. Sikelo yaonetsa makilogalamu 4.5. Woyeza watsegula buku, wapeza mwezi wachinayi, waika kadontho, ndipo kadonthoko kagwera pansi pa mzere wa -2, umene ndi malire a mwana wochepa thupi, kutsala pang'ono kukhudza wa -3. Mafunso ayambika: "Amayi, mukumuyamwitsa mwanayu? Mkaka ukutuluka?" Mayi wabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, ndipo pofika madzulo agogo atereka kale kamphika ka phala.

Koma mwanayu anabadwa mimba ili ndi masabata 31 okha. Akanadikira tsiku lake, lero bwenzi ali ndi miyezi iwiri. Pa miyezi iwiri, makilogalamu 4.5 ndi thupi labwino ndithu la mwana wamkazi. Mwana sanalakwe, mayi sanalakwe, sikelo sinaname. Cholakwika ndi malo amene kadontho kaikidwa.

Malangizo awa ndi a anamwino, alangizi a zaumoyo ndi makolo amene amafuna kumvetsa zolembedwa m'buku la mwana wawo. Titsata mwana mmodzi wongoyerekeza yemweyu kuyambira tsiku lobadwa. Tinene kuti anabadwa pa 5 Malichi, mimba ili ndi masabata 31, akulemera magalamu 1,500.

Choyamba: dziwani kuti mimba inali ndi masabata angati

Masamu onse otsatira atsamira pa nambala imeneyi, choncho musaithamangire. Mimba yokwana timaiwerenga masabata 40. Mwana wobadwa masabata 37 asanakwane ndiye timati wabadwa masiku osakwana. Wobadwa pa masabata 37 kapena 38 ndi wokwana, ndipo msinkhu wake sitiukonza pochotsapo masabata.

Nambalayi ifuneni m'buku la mayi la sikelo ya amayi oyembekezera komanso m'kalata yotulutsira mwana kuchipatala. Yodalirika kwambiri ndi yochokera ku sikani yojambulidwa m'miyezi itatu yoyambirira ya mimba. Sikani yojambulidwa mimba itakula kale imatha kuphonya ndi masabata awiri ngakhale atatu. Ngati sikani panalibe, timadalira tsiku limene mayi anayamba kusamba komaliza, pokhapokha ngati akulikumbukiradi. "Inali nthawi yokolola" si tsiku. Zonsezi zikasowa, pamatsala chiyerekezo cha namwino kapena dokotala amene anamuona mwana atangobadwa, poyang'ana khungu, makutu, mizere ya kuphazi ndi kulimba kwa minofu, njira imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Ballard. Nayonso imatha kuphonya ndi masabata awiri uku kapena uku. Gwiritsani ntchito yomwe ilipo, koma lembani m'buku kumene mwaitenga, kuti woyeza wa mawa adziwe kuti aikhulupirire mpaka pati.

Pali msampha umodzi pano. Kubadwa wochepa thupi si kubadwa masiku osakwana. Mwana akhoza kubadwa pa masabata 39 akulemera magalamu 2,100 chifukwa sanakule bwino m'mimba, mwina mayi anadwala malungo kapena magazi awo ankathamanga. Ameneyu masiku ake anakwana. Mukamuchotsera masabata chifukwa choti "anali kakang'ono", mwabisa vuto lake lenileni. Ngati palibe chilichonse chosonyeza kuti mwana anafulumira kubadwa, musapeke masabata poyang'ana kulemera kokha.

Chachiwiri: pezani tsiku limene mwana amayenera kubadwa, mulilembe pachikuto

Chotsani masabata a mimba ku 40. Kwa mwana wathuyu, 40 kuchotsa 31 kutsala 9. Anafulumira ndi masabata 9, amene ndi masiku 63. Msinkhu wokonza, umene mwana akanakhala nawo akanabadwa pa tsiku lake, umapezeka motere:

```
msinkhu wokonza = masabata chibadwire - (40 - masabata a mimba)
```

Masamuwa ndi osavuta, koma kuwachita mwezi ndi mwezi anthu atafola mzere wautali, ana akulira, n'kumene kumabweretsa zolakwa. Njira yachidule ndi iyi: werengani masiku 63 kuchokera pa 5 Malichi kamodzi kokha. Mufika pa 7 Meyi. Limeneli ndi tsiku limene mwanayu amayembekezeka, ndipo nthawi zambiri lilipo kale m'buku la mayi pamalo olembedwa EDD. Lembani pachikuto cha buku la mwana ndi zilembo zazikulu: "Anabadwa pa masabata 31. Poyeza kakulidwe, werengani kuyambira 7 Meyi." Kuyambira apo aliyense wotsegula bukulo amangowerenga miyezi kuchokera pa 7 Meyi ngati kuti ndi tsiku lobadwa. Pa 7 Juni ndi mwezi umodzi, pa 7 Julayi miyezi iwiri.

Ngati mukuchita masamu, achiteni m'masabata, musadumphire ku miyezi. Anthu ambiri amati mwezi ndi masabata anayi, chonsecho miyezi itatu ili ndi masabata 13, osati 12. Kusiyanako kumaoneka kochepa, koma kwa khanda limene limawonjezera magalamu 200 pa sabata, sabata imodzi imasuntha kadontho.

Nanga masabata a pakati pa 5 Malichi ndi 7 Meyi? M'nyengo imeneyi msinkhu wokonza sunayambe n'komwe, mwana sanafike pa ziro. Apa timangopitiriza kuwerenga masabata a mimba ngati kuti mwana akadali m'mimba. Atatha masabata atatu chibadwire, timati ali pa masabata 34. Atatha asanu ndi imodzi, ali pa 37. Nambala imeneyi ndi imene imalembedwa m'munsi mwa matchati a ana obadwa masiku osakwana.

Ndinene msanga za katemera, chifukwa apa ndi pamene ena amasokoneza. Katemera sadikira msinkhu wokonza. Amatsata tsiku lenileni lobadwa. Mwana wathuyu alandire katemera wa masabata 6 pa 16 Epulo, ngakhale tsiku lake loyembekezeka lisanafike, ndipo wa masabata 10 ndi 14 atsatire momwemo, pokhapokha dokotala ataona chifukwa china chochedwetsera. Ana amenewa ndiwo amagwidwa msanga ndi chibayo ndi chifuwa chokoka mtima, ndiye kuwachedwetsa n'kuwaika pangozi. Tsiku lobadwa ndi la katemera, tsiku loyembekezeka ndi la tchati.

Chachitatu: yezani mosamala kuposa mmene mumayezera ana ena

Sikelo yopachika pamtengo ija, imene mizere yake imadumpha magalamu 100, ndi yabwino kwa mwana wa chaka chimodzi. Kwa khanda la magalamu 1,600 limene likuyenera kuwonjezera magalamu 25 patsiku, singakuuzeni kanthu kufikira patapita masiku angapo. Mwana asanafike magalamu 2,500 amafunika sikelo yogonekapo yoonetsa manambala, yotha kusiyanitsa magalamu 10 kapena kucheperapo. Ngati pamalo panu palibe, ndi bwino mayi azipita kumene iliko m'masabata oyambawa.

Yalani kansalu kofunda pasikelo, bwezerani sikelo pa ziro kansaluko kali pomwepo, kenaka gonekani mwana alibe chovala, alibe thewera, alibe chipewa. Chitani changu ndipo tsekani mawindo, pakuti ana otere amazizidwa m'kamphindi. Mukamaliza abwerere pachifuwa pa mayi ake.

Muyezeni nthawi yofanana tsiku lililonse, asanayamwe. Chifukwa chake chili m'manambala. Khanda la magalamu 1,600 limamwa pafupifupi mamililita 30 pa kudya kumodzi, ndipo mkaka umenewo umalemera pafupifupi magalamu 30, kuposa zimene likuyenera kuwonjezera tsiku lonse. Mukaliyeza lero litayamwa, mawa lisanayamwe, mudzati latsika pamene lakula.

Mutu muziuyeza kamodzi pa sabata ndi tepi yosatanuka. Tepi idutse pamwamba pa nsidze, pamwamba pa makutu, ndi pa fupa lotukuka kwambiri la kunkhongo. Yezani katatu, mulembe nambala yaikulu mwa zitatuzo. Kutalika kumayezedwa pa thabwa loyezera, anthu awiri, wina atagwira mutu kuti ukhudze kumtunda kwa thabwa, wina atawongola mawondo mofatsa. Kutalika koyezedwa ndi tepi mwana atadzipinda pamphasa kuli bwino kusakulemba, chifukwa kudzasocheretsa amene adzayeze bwino mwezi wamawa.

Chachinayi: sankhani tchati choyenera msinkhu umene mwana ali

Tchati cha m'buku la sikelo ndi cha bungwe la WHO, chimene chinatuluka mu 2006. Chinapangidwa poyeza ana oyamwa bere a ku Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi United States, ndipo chimayambira pa mwana wobadwa masiku atakwana. Kumanzere kwa tsiku lobadwa kulibe malo. Ndiye kuti mwana wathu wa pa 5 Malichi alibe poikidwa patchatichi kufikira pa 7 Meyi. Taonani zimene zimachitika tikakakamiza: pa 16 Epulo, tsiku la katemera, akulemera magalamu 2,350. Kwa mwana wamkazi wa mwezi umodzi mzere wa -3 uli pa makilogalamu 2.7, ndiye kadontho kake kagwera pansi penipeni, ngati mwana amene ali kumapeto. Chonsecho ali pa masabata 37 a mimba ndipo akukula bwino.

Za nyengo imeneyi pali matchati awiri odziwika, ndipo onse ali ndi tsamba la anyamata ndi la atsikana.

Choyamba ndi cha Fenton, chotchedwa dzina la Tanis Fenton wa ku Calgary m'dziko la Canada. Chimene chafala ndi chokonzedwanso mu 2013. Chimayambira pa masabata 22 mpaka 50, ndipo kulemera, kutalika ndi mutu zonse zili patsamba limodzi. Mizere yake yalembedwa 3, 10, 50, 90 ndi 97. Wa 50 ndi wapakati, ndipo mwana amene ali pa mzere wa 10 ndiye kuti mwa ana 100 a masabata amenewo, 10 okha ndi opepuka kuposa iye. Chofunika kudziwa n'chakuti mizere ya masabata oyambirira inachokera pa kulemera kwa ana tsiku limene anabadwa, m'maiko olemera monga Germany, Canada ndi Australia. Ikuonetsa mmene mwana amakulira m'mimba. Siikuonetsa kutsika kumene khanda lililonse limatsika m'masiku oyamba likataya madzi a m'thupi. N'chifukwa chake pafupifupi mwana aliyense amagwa patchati cha Fenton m'masabata awiri oyamba, kenaka n'kuyamba kuyenda motsata mzere wina wapansi. Kugwa koyambako kusakudzidzimutseni. Choyang'ana ndi chakuti atagwa, akuyenda limodzi ndi mzere watsopanowo kapena akupitiriza kuusiya.

Chachiwiri ndi cha INTERGROWTH-21st cha ana obadwa masiku osakwana, chochokera ku kafukufuku wotsogozedwa ndi yunivesite ya Oxford m'maiko asanu ndi atatu, kuphatikizapo Kenya, ndipo chinatuluka mu 2015. Ichi chinapangidwa potsata ana enieni 201 obadwa masiku osakwana, opanda matenda aakulu, oleredwa makamaka ndi mkaka wa m'mawere, kuyambira atabadwa. Chimayambira pa masabata 27 mpaka 64, amene ndi pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi ya msinkhu wokonza. Kufooka kwake n'kwakuti ana obadwa masabata 33 asanakwane analipo ochepa kwambiri m'gululo, choncho mizere ya kumunsiko siyolimba ngati ya kumtunda.

Maganizo anga ndi awa. Kwa khanda lobadwa pa masabata 31 kapena kucheperapo likadali m'chipinda cha makanda, Fenton ndi chothandiza. Kwa ana obadwa pa masabata 33 mpaka 36, amene ndi ochuluka pa ana a kangaru, oleredwa pachifuwa pa mayi, ndipo akuyamwa bere lokha, INTERGROWTH-21st chimafanana nawo bwino. Koma choposa zonse, tsatani chimene chipatala chanu chinasankha, ndipo mwana mmodzi akhale ndi tchati chimodzi. Mwana yemweyo, tsiku lomwelo, amatha kuoneka wotsika pa Fenton koma wabwinopo pa chinacho. Mukamasinthasintha, mudzaona kukwera ndi kutsika kumene kulibe m'thupi mwa mwana.

Kusamukira ku tchati cha m'buku kumatheka kuyambira tsiku loyembekezeka lija. Ngati muli pa Fenton mukhoza kukhalapo mpaka masabata 50, kwa mwana wathu pa 16 Julayi, pamene mizere yake inalumikizidwa ndi ya WHO. Ngati muli pa INTERGROWTH-21st mukhoza kufika masabata 64, pa 22 Okutobala. Tsiku losamukalo ikani kadontho pa matchati onse awiri, kuti ngati pali kudumpha mudziwe kuti kwabwera ndi pepala.

M'zipatala zambiri zazing'ono matchati awiriwa kulibe. Musataye mtima, ndipo musakakamize tchati cha m'buku. Gawo lotsatirali limagwira ntchito popanda tchati chilichonse.

Chachisanu: tsiku loyembekezeka lisanafike, werengani liwiro

Mwana wathu anabadwa ndi magalamu 1,500. Pa tsiku lachisanu anali pa 1,380. Anataya magalamu 120, amene ndi 8 pa 100 alionse. Kutsika kofika pa 10 pa 100 m'sabata yoyamba n'koyembekezeka, ndipo makanda ang'onoang'ono kwambiri amatha kupitirirako pang'ono. Chofunika n'chakuti kutsikako kuime pofika kumapeto kwa sabata yoyamba, ndipo mwana abwerere pa kulemera kobadwa nako cha m'ma masabata awiri. Wathuyu anabwerera pa 1,500 pa tsiku la 12. Amene watha masabata atatu asanabwerere afunika kuonedwa ndi dokotala.

Akabwerera, timayembekezera magalamu 15 mpaka 20 patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Powerengera, musatenge tsiku limodzi, tengani sabata yathunthu:

```
liwiro = (kulemera kwa lero - kulemera kwa kale) / masiku / kulemera kwapakati m'makilogalamu
```

Pa 19 Malichi anali ndi magalamu 1,540, pa 26 Malichi 1,720. Wawonjezera 180 m'masiku 7, amene ndi pafupifupi 26 patsiku. Pakati pa 1,540 ndi 1,720 pali 1,630, kapena makilogalamu 1.63. Gawani 26 ndi 1.63, mupeza pafupifupi 16. Ali bwino. Akanawonjezera magalamu 90 okha m'sabatayo, yankho likanakhala pafupifupi 8, ndipo ngakhale nambala ya pasikelo yakwera ndipo mayi akusangalala, mwanayo akanakhala akutsalira.

Muyeso wa pa kilogalamu umenewu ndi wa makanda ang'onoang'ono. Mwana akadutsa makilogalamu awiri ndipo akuyandikira tsiku lake, liwiro la pa kilogalamu limatsika lokha, ndiye timangowerenga magalamu a patsiku: 20 mpaka 30 m'miyezi itatu yoyamba ya msinkhu wokonza. Mutu ndi kutalika, m'masabata a tsiku loyembekezeka lisanafike, zimawonjezera pafupifupi sentimita imodzi pa sabata, mutu nthawi zina kucheperako pang'ono.

Liwiro likachepa, yambani ndi zinthu zapafupi. Mwana akudya kangati? Khanda lotere limafuna kudya maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe, ndipo nthawi zambiri silidzuka lokha kuti lilire njala, n'lofunika kulidzutsa. Likuyamwadi, kapena limangogwira bere n'kugona? Ngati limatopa msanga, mayi afinye mkaka alimwetse ndi kakapu likamaliza kuyamwa. Kenaka kutentha kwa thupi, kumene kuyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Mwana wozizidwa amatha mkaka wake pofunditsa thupi m'malo mokula, ndipo ndikamva kuti kulemera kwaima m'miyezi ya Juni ndi Julayi, funso langa loyamba limakhala lakuti mwana akukhala maola angati pachifuwa pa munthu. Izi zikakhala bwino koma sakukwerabe, ganizirani matenda, kuchepa kwa magazi kapena vuto la mtima, ndipo mutumizeni.

Kukwera kodzidzimutsa nakonso si chisangalalo nthawi zonse. Magalamu 100 usiku umodzi kwa khanda la 1,700 si mnofu. Mwina sikelo yalakwa, mwina thupi latupa ndi madzi. Yang'anani zikope ndi mapazi.

Chachisanu ndi chimodzi: ikani kadontho pa msinkhu wokonza

Tibwerere ku tsiku tinayamba nalo lija, 7 Julayi. Chibadwire mwana watha miyezi inayi, koma kuchokera pa 7 Meyi yatha iwiri. Tsegulani tsamba la atsikana. Pa miyezi inayi mzere wapakati uli pa makilogalamu 6.4, wa -2 pa 5.0, wa -3 pa 4.4. Pa miyezi iwiri wapakati uli pa 5.1, wa -2 pa 3.9. Makilogalamu 4.5 pa miyezi iwiri ali pakati pa mizere iwiriyi, pamalo abwino. Ndipo pa 7 Meyi anali ndi magalamu 2,950, ndiye kuti m'masiku 61 wawonjezera 1,550, pafupifupi 25 patsiku. Mayiyu amafunika kuuzidwa kuti mkaka wawo ukugwira ntchito ndipo apitirize bere lokha.

Mutu umanamizira chimodzimodzi. Masentimita 37.6 pa miyezi inayi ali pansi pa mzere wa -2, ndipo wina anganene kuti mutu wa mwanayu sukukula. Pa miyezi iwiri, pamene wapakati ndi 38.3, palibe chodetsa nkhawa.

Polemba, ikani kadontho pa mwezi wokonza ndipo pambali pake lembani tsiku lenileni limene mwayeza. Ngati tchati chanu chili ndi timabokosi tolembamo maina a miyezi m'munsi, bokosi loyamba mulembemo Meyi, osati Malichi. Ena amaika kadontho pa msinkhu wa chibadwire n'kujambula kamuvi kobwerera kumanzere mpaka pa msinkhu wokonza. Njira zonse ziwiri n'zabwino. Choipa ndi kusakaniza, mwezi uno wokonza, mwezi wamawa woyeza wina waiwala. Mzere umaoneka ngati mwana wagwa m'phompho, mwezi winawo ngati wauluka.

Msinkhu womwewu ndi umene muzigwiritsa ntchito poona zimene mwana akutha kuchita. Mwana wathu pa 7 Julayi tikumuyembekezera kumwetulira ndi kutsata nkhope ndi maso ngati wa miyezi iwiri. Anzake obadwa mu Malichi akulimbitsa kale khosi, iye asafaniziridwe ndi amenewo.

Chachisanu ndi chiwiri: onani kumene mzere ukulowera

Ili ndi gawo limene ndimalimbikira kwambiri, chifukwa anthu akangophunzira kukonza msinkhu amagwera mbali inayo. Chilichonse chimakhala "paja anabadwa masiku osakwana". Kukonza msinkhu kumasuntha kadontho kupita kumanzere, basi. Sikusintha kuchuluka kwa magalamu amene mwana wawonjezera pakati pa ulendo wapita ndi uno.

Tinene kuti pa 7 Ogasiti mwana wathu wabwera ndi makilogalamu 4.7. Msinkhu wokonza ndi miyezi itatu, ndipo mzere wa -2 uli pa 4.5. Kadontho kakadali pamwamba pa mzerewo, ndiye woyeza wothamanga anena kuti zonse zili bwino. Koma lumikizani timadontho tiwirito. Magalamu 200 m'masiku 31 ndi 6 kapena 7 patsiku, pamene mwezi wathawu anali pa 25. Mzere wake wagona pamene mizere ya patchati ikukwera. Mwezi wina wotere ndiye kuti wadutsa -2, umene pa miyezi inayi uli pa 5.0.

Apa khalani pansi ndi mayi. Funsani chimene chasintha pakhomo. Kawirikawiri yankho limapezeka pomwepo: abwerera kumsika kapena kudimba ndipo mwana akutsala ndi agogo maola ambiri, akupatsidwa madzi kapena phala lamadzimadzi limene limadzaza kamimba popanda kumanga thupi. Mwina mwana anatsegula m'mimba, mwina akutsokomola. Onani m'zikope ndi m'manja ngati mwayera, pakuti ana obadwa masiku osakwana amabadwa ndi nkhokwe yochepa ya ayironi ndipo magazi amawachepera m'miyezi imeneyi. Funsani ngati mankhwala owonjezera magazi amene analemberedwa akumwabe. Onani mwana akuyamwa ndi maso anu. Ngati mayi ali ndi kachilombo ka HIV, onani ngati mwana anayezedwa. Mukapeza chokonza, musadikire mwezi, abwerenso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Ngati palibe chifukwa chooneka, kapena mwana akukana kuyamwa, akupuma mothamanga, watentha thupi, wazizira kapena wafooka, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Poyang'ana mizere itatu pamodzi, chakudya chikachepa kulemera ndi kumene kumayamba kutsalira, kutalika kumatsatira, mutu umakhala womaliza. Mutu ukayamba kutsalira ndiye kuti vuto lakhalitsa kapena lili kwina. Mutu wokula mothamanga umafuna nzeru pouwerenga. Ana ambiri obadwa masiku osakwana mutu ndi umene umayamba kupeza anzawo, ndipo kukwera pang'onopang'ono kulowera ku mzere wapakati n'kwabwino. Koma mutu umene ukudumpha mizere m'masabata ochepa, liwombo litatukuka ndi kulimba mwana ali phee, mitsempha ya pamutu itaonekera, maso akuyang'ana pansi, mwana akusanza, umenewo ukhoza kukhala madzi ochuluka m'mutu. Zimachitika makamaka kwa amene anabadwa aang'ono kwambiri ndipo magazi anatayikira mu ubongo m'masiku oyamba. Si za mankhwala opaka paliwombo, ndi za kuchipatala chachikulu mwamsanga.

Musayembekezerenso kuti mwana aliyense adzafika pa mzere wapakati. Wina adzayenda pafupi ndi -2 chaka chonse, akukwera limodzi ndi mzerewo, akusewera, akudya. Ameneyo akukula. Kumukakamiza ndi zakudya kuti athamangire mzere wa pamwamba kumangomunenepetsa, sikumutalikitsa.

Chomaliza: kuleka kukonza

Masabata 9 ndi ambiri kwa mwana wa miyezi inayi, koma amachepa mphamvu mwana akamakula. Pa miyezi inayi, kusiyana kwa mzere wapakati wa miyezi inayi ndi wa miyezi iwiri kunali makilogalamu 1.3. Pa chaka chimodzi, wa miyezi 12 ndi 8.9 pamene wa miyezi 10 ndi 8.5. Pa zaka ziwiri, 11.5 ndi 11.1, pa mwana amene tsopano ndi wolemera kwambiri. N'chifukwa chake ambiri amakonza mpaka zaka ziwiri. Kwa wobadwa pa masabata 32 mpaka 36, maiko ena monga Britain amalekera pa chaka chimodzi, ndipo kwa wobadwa masabata 28 asanakwane madokotala ena amapitiriza mpaka zaka zitatu.

Tsiku lolekalo ikani timadontho tiwiri, kena pa msinkhu wokonza, kena pa wa chibadwire, ndipo jambulani mzere woimirira ndi mawu akuti "kukonza kwathera apa". Kwa mwana wathu zidzachitika mu Malichi atakwanitsa zaka ziwiri: kadontho kadzalumpha kuchoka pa miyezi 22 kupita pa 24 ndipo kadzaoneka ngati katsika pang'ono. Auzeni mayi musanakaike.